Chiganizo Chimodzi, Matanthauzo Awiri: Zimene Ndinaphonya pa "Wophunzira Aliyense Anawerenga Buku"

Pamene tinafika pa mutu wa sikopu m'phunziro la semantiki, limene limasanthula matanthauzo a mawu ndi ziganizo, ndinkaona ngati ndaumvetsa tsiku loyamba lomwe, mpaka ntchito imene ndinalemba inabwerera ili ndi funso limodzi lofiira m'mphepete. Chiganizo chimene tinapatsidwa chinali cha Chingerezi, koma m'Chichewa chimamveka motere: "Wophunzira aliyense anawerenga buku." M'chiganizochi muli mawu awiri osonyeza kuchuluka, amene akatswiri amawatcha makwantifaya. Oyamba ndi "aliyense", amene salola kuti wina atsale, ndipo achiwiri abisala m'mawu akuti "buku", amene akungotiuza kuti buku lilipo, ngakhale limodzi lokha. Sikopu ndi dera limene mawu otere amalamulira, ndipo funso lonse lagona pa kudziwa amene ali m'dera la mnzake.

Ngati "aliyense" akulamulira, timayamba ndi ophunzira, kuwatenga mmodzimmodzi, ndipo aliyense timamufunira buku limene anawerenga, kaya ndi lofanana ndi la mnzake kaya ayi. Ngati "buku" likulamulira, timayamba taloza buku limodzi, kenako n'kufufuza ngati onse analiwerenga. Polemba ndi zizindikiro, W akuimira wophunzira, B akuimira buku, ndipo R akuimira kuwerenga:

```
(1) ∀x [W(x) → ∃y [B(y) ∧ R(x,y)]]
(2) ∃y [B(y) ∧ ∀x [W(x) → R(x,y)]]
```

Chizindikiro cha ∀ chimawerengedwa kuti "pa chilichonse", cha ∃ chimawerengedwa kuti "chilipo china chake", cha → kuti "ngati ... ndiye kuti", cha ∧ kuti "komanso", ndipo chimene chasiyanitsa mizere iwiriyi ndi dongosolo la zizindikirozi basi.

M'ntchito yanga ndinajambula ophunzira atatu ndi mabuku atatu. Pa chithunzi choyamba aliyense anali ndi buku lakelake, pa chachiwiri mivi yonse itatu inaloza buku limodzi, ndipo ndinalemba monyadira kuti popeza chiganizocho ndi choona pa zithunzi zonse ziwiri, ndiye kuti chili ndi matanthauzo awiri. Funso la aphunzitsi linali lakuti, kodi tanthauzo (1) palokha ndi labodza pa chithunzi chachiwiri? Ndinakhala nalo funsoli madzulo onse, ndipo yankho lake linali lakuti ayi. Ngati onse atatu anawerenga buku limodzi lomwelo, ndiye kuti aliyense anawerengadi buku, chifukwa tanthauzo (1) silinena kuti mabukuwo azisiyana, limangolola kuti asiyane. Mawu akuti "lakelake" ndinawaonjezera ndekha m'mutu mwanga, m'zizindikiro mulibe.

Kuti ndikhutire, ndinawerengera. Ophunzira atatu akamasankha buku limodzi aliyense pa mabuku atatu, njira zonse zimakwana 27, kutanthauza 3 kuchulukitsa ndi 3 kuchulukitsanso ndi 3. Tanthauzo (1) ndi loona pa njira zonse 27, pamene tanthauzo (2) ndi loona pa njira 3 zokha, zimene onse agwirizana pa buku loyamba, lachiwiri kapena lachitatu. Njira zitatuzo zili m'kati mwa 27 zija. Choncho palibe pamene (2) angakhale woona (1) ali wabodza, ndipo munthu wokayika angathe kunena kuti chiganizochi chili ndi tanthauzo limodzi lotakasuka, lija la (1), ndipo nkhani ya buku limodzi ndi imodzi chabe mwa njira zimene tanthauzolo limakwaniritsidwira. Zili ngati mawu akuti "ndili ndi mwana", amene sanena ngati mwanayo ndi wamwamuna kapena wamkazi, koma palibe amene amati ali ndi matanthauzo awiri. Umboni wanga sunatsutse wokayikayo ngakhale pang'ono, ndipo chitsanzo chimene ambiri timayambira kuphunzira nacho n'chimene chili chovuta kwambiri kuperekera umboni.

Njira yotulukira ndi kutembenuza malo a makwantifaya, kuti wa "chilipo" ayambe ndipo wa "chilichonse" abwere pambuyo. Taganizirani chiganizo chakuti "Mlonda anaima pakhomo lililonse." Tikatsatira dongosolo la mawu, tikupeza mlonda mmodzi amene anaima pamakomo onse, ndipo ili ndi tanthauzo lopanikiza, longa la (2) lija. Tsopano jambulani makomo atatu ndi alonda atatu, aliyense pakhomo pake pa nthawi imodzi. Pa chithunzichi tanthauzo lotsatira dongosolo la mawu ndi labodza, popeza palibe mlonda amene ali pamakomo onse atatu. Ngati wolankhula chinenerocho avomera kuti chiganizocho ndi choona, ndiye kuti wachimva m'tanthauzo lina, limene "lililonse" lalumpha n'kulamulira "mlonda" ngakhale likubwera kumapeto. Uwu ndiye umboni weniweni, chifukwa tapeza malo amene tanthauzo limodzi lagwa ndipo linzake laima.

Momwe kulumphako kumachitikira n'kumene akatswiri akhala akukangana. Richard Montague, m'nkhani yake imene inasindikizidwa mu 1973, anapereka lamulo lolowetsa kwantifaya m'chiganizo chimene chamangidwa kale, kotero kuti wolowa pomaliza ndiye amalamulira. Robert May, mu 1977, anati kwantifaya amakwera kupita kumayambiriro kwa chiganizo pa gawo la galamala limene silimveka m'kamwa, n'kusiya chizindikiro pamalo pake. Chimene chinandikopa pa ganizo lachiwirili n'chakuti kukwerako kuli ndi malire. M'chiganizo chakuti "Mlonda wina ananena kuti khomo lililonse ndi lotseka", sitingamve kuti khomo lililonse lili ndi mlonda wake amene analinenera, chifukwa "lililonse" latsekeredwa m'kachiganizo koyamba ndi "kuti". Zikanakhala kuti nkhaniyi ndi yongoganizira zimene zili zotheka m'moyo, malire oterewa sakanakhalapo, pakuti alonda ambiri onena za makomo osiyanasiyana si chinthu chachilendo.

Ndinayesanso kumvetsera Chichewa changa mosamala. Chichewa chilibe timawu ta Chingerezi tija, "the" ndi "a", tosiyanitsa chinthu chodziwika ndi chosadziwika, choncho "buku" lopanda chilichonse limasiya khomo lotsegula. Koma tili ndi njira zathu zotsekera khomolo. Ndikati "aliyense anawerenga buku lakelake", ndakakamiza kuti mabuku asiyane, zimene ngakhale (1) sachita. Ndikati "onse anawerenga buku limodzi lomwelo", ndasankha (2). Chosangalatsa kwambiri ndi kachidutswa ka -li- m'mneni: "Wophunzira aliyense analiwerenga bukulo." Joan Bresnan ndi Sam Mchombo, mu 1987, anafotokoza kuti kachidutswa kotere m'Chichewa kamagwira ntchito ngati mlowam'malo wa dzina, ndipo dzina lotsatiralo limakhala mutu wa nkhani wodziwika kale. Kwa ine izi zikugwirizana ndi zimene khutu langa limamva, kuti -li- akangolowa, buku ndi limodzi ndipo silingasinthe kuchoka pa wophunzira wina kupita pa wina.

Chenjezo limodzi ndinaliphunzira poyesa ziganizozi pa anzanga. "Buku lililonse" nthawi zina limamveka ngati "buku lina lililonse limene wapeza", osati "mabuku onse", ndipo mnzanga wina anavomera chiganizo chakuti "Wophunzira mmodzi anawerenga buku lililonse" pa chifukwa chosiyana ndi chimene ndinkayesa. Kuyambira pamenepo sindifunsa kuti chiganizo chikutanthauza chiyani. Ndimayamba ndajambula chithunzi chimene tanthauzo lotsatira dongosolo la mawu lili labodza, kenako ndimafunsa ngati munthu wolankhula chiganizocho wanama kapena wanena zoona.