Masamba anayi a mijigo: momwe ndinalembera pulopozo ya kafukufuku ndili intani

Pulopozo yanga yoyamba inali ya masamba 11, ndipo inabwerera kwa ine tsiku lomwelo. Mayi amene ankandiyang'anira pa ofesi ya zamadzi ya m'boma lomwe ndinali intani anangowerenga tsamba loyamba, n'kulemba ndi bolopeni yofiira m'mbali: "Mukufuna kudziwa chiyani?" Mutu wanga unali wakuti "Mavuto a madzi aukhondo m'madera akumidzi". Ndinali nditayamba ndi dziko lonse lapansi, kutsikira ku Afilika, kenako Malawi, ndipo pofika tsamba lachisanu ndinali ndisanatchule mudzi ngakhale umodzi.

"Achimwene," anatero, "mwatsala ndi masabata 12, njinga yamoto ndi imodzi ndipo si yanu. Lembani masamba anayi. Vuto, zolinga, njira, nthawi. Basi."

Vuto sindinalipeze pa intaneti, ndinalipeza m'kabati. Munali kaundula wa mijigo ya m'dera la mfumu yaikulu ina, mijigo 46, yonse ya mtundu wa Afridev. Pa mjigo uliwonse panangolembedwa kuti "ukugwira" kapena "sukugwira". Koma amakaniko a m'deralo akabwera ku ofesi ankakamba zina. Mjigo wina ukafa umadzuka pasanathe sabata, wina umagona miyezi itatu chifukwa cha kalabala kakang'ono ka mu silinda, kamene mtengo wake sufika n'komwe pa wa nkhuku. Kaundula sankaonetsa kusiyana kumeneku, poti amene anapita tsiku limene mjigo unali wamoyo analemba "ukugwira" n'kumapita.

Apa m'pamene ndinamvetsa chimene vuto la kafukufuku limatanthauza. Kusowa kwa madzi ndi vuto la anthu, inde, koma vuto la kafukufuku ndi chinthu chimene ofesi sikuchidziwa pamene ikufunika kuchidziwa kuti ichite kanthu. Ndinalemba ndime imodzi yokha, ya ziganizo zinayi. Choyamba, chimene chilipo: dera lili ndi mijigo 46 yoyendetsedwa ndi makomiti a m'midzi. Chachiwiri, chimene chikudziwika: kaundula amanena ngati mjigo unkagwira pa tsiku loyendera. Chachitatu, chimene sichikudziwika: mjigo ukafa umatenga masiku angati kuti ukonzedwe, ndipo chimauchedwetsa n'chiyani. Chachinayi, chifukwa chake zili zofunika: ofesi inkakonza zophunzitsanso makomiti ndipo sinkadziwa ngati vuto lili pa luso, pa ndalama kapena pa kutalika kwa kogula zipangizo. Chiganizo chachinayichi ndi chimene chinawasangalatsa mayi aja, chifukwa chinkasonyeza amene adzagwiritse ntchito zotsatirazo.

Pa zolinga ndinagwanso. Ndinalemba zisanu ndi chimodzi, zoyamba ndi mawu ngati "kumvetsa", "kuunika mozama" ndi "kuthetsa". Mayi aja anandifunsa kuti pa sabata la 12 ndidzawaonetsa chiyani chotsimikiza kuti "ndamvetsa". Ndinasowa chonena. Cholinga chabwino chimayamba ndi ntchito imene munthu akhoza kuona kuti yatha: kuwerenga, kuyeza, kuyerekeza. "Kuthetsa" anakudula osayankhula n'komwe. Intani wa masabata 12 sathetsa kufa kwa mijigo.

Zinatsala zitatu. Kuwerenga mijigo imene ikutulutsa madzi mokwanira pa tsiku loyendera. Kupeza masiku amene mjigo uliwonse unakhala wakufa ulendo womaliza umene unawonongeka m'miyezi 12 yapitayi. Kuyerekeza masikuwo pakati pa makomiti amene anali ndi ndalama m'thumba mjigo usanafe ndi amene anayamba kusonkhetsa utafa kale. Panali chachinayi chimene ndinkachikonda kwambiri, choyeza ukhondo wa madziwo. Chinachoka chifukwa chinkafuna mabotolo osungira madzi, bokosi lozizira ndi labotale, zimene zonse tinalibe. Zinandiwawa, koma zinali zoona.

Gawo la njira ndi limene linandidyera masiku ambiri, ndipo ndi limene ndinganene kuti ndi pulopozo yeniyeniyo. Mayi aja anandiuza kuti nditenge pepala, ndilembe cholinga chilichonse kumanzere, kumanja ndiyankhe mafunso atatu: ndikafunsa ndani kapena kuyeza chiyani, ndi chida chanji, ndipo nambalazo ndidzazitani. Funso lililonse la pa fomu limene silikutumikira cholinga china lichoke. Mafunso anga 38 anatsika kufika pa 14. Anapita ndi monga zaka za wapampando wa komiti ndi mpingo umene amapemphera, amene ndinawaika poti mafomu onse amene ndinawaonapo amafunsa zimenezo.

Pa cholinga choyamba ndinayenera kunena chimene ndikutanthauza ndi "ukugwira". Mjigo umene umadontheza madzi mayi atapopa mpaka thukuta, ukugwira kapena ayi? Makaniko wina wachikulire anandiphunzitsa muyezo umene iwo amachita. Umapopa kaye mpaka madzi ayambe kutuluka bwino, kenako umatchera ndowa ya malita 20 n'kupopa maulendo 40, chogwirira chikufika pamwamba ndi pansi penipeni, m'kati mwa mphindi imodzi. Afridev wabwinobwino amatulutsa malita ozungulira 16. Akachepera kwambiri, kawirikawiri labala latha. Muyezo wina ndi wousiya mjigo upume kwa theka la ola, n'kuwerenga kuti upopa kangati madzi asanatuluke. Akachedwa ndiye kuti akuthawira pansi, mwina pa valavu ya pansi kapena pa paipi yong'aluka. Zonsezi ndinazilemba mu pulopozo monga momwe ndazinenera pano, kuti wina aliyense atanyamula ndowa akayeze chimodzimodzi.

Cholinga chachiwiri chinali chovuta mwa mtundu wina, chifukwa chimadalira kukumbukira kwa anthu. Ukafunsa kuti mjigo unafa masiku angati, yankho limakhala "kanthawi ndithu". Ndinalemba kuti ndizifunsa anthu awiri paokhapaokha, msungichuma wa komiti ndi mayi mmodzi wotunga pamjigopo amene sali m'komiti, ndipo tizimangirira masikuwo pa zinthu zodziwika: unafa tisanakolole kapena titakolola, sukulu zitatsekera kapena zili m'kati, Khirisimasi inapezeka mukutunga kuti. Kumene kuli kope la komiti, kopelo ndilo loyamba kukhulupiriridwa. Mayankho awiri akasiyana ndi masiku oposa asanu ndi awiri, ndifunse makaniko wa dera. Ndinanenanso kuti sindidzagwiritsa ntchito avereji koma nambala ya pakatikati, ija imakhala pakati ukandandalika masiku onse kuyambira ochepa. Chifukwa chake n'chapafupi: mijigo inayi itakhala yakufa masiku 3, 4, 5 ndi 6, wachisanu masiku 200, avereji imafika pafupifupi 44, nambala imene sikufotokoza mjigo uliwonse mwa isanuyo. Ya pakatikati ndi 5.

Funso la kuchuluka kwa mijigo yoyendera linayankhidwa ndi njinga yamoto, osati ndi buku. Ku koleji tinaloweza kawerengedwe kosankhira chiwerengero cha oti afunsidwe, koma pa mijigo 46 yokha kamakupatsa pafupifupi yonse. Choncho ndinati ndiyendera yonse. Pa mjigo umodzi pamafunika kukaonekera kwa amfumu, kudikira msungichuma abwere kudimba, kuyeza, kufunsa. Maola awiri osachepera. Itatu pa tsiku ndiye malire. Mijigo 46 kugawa ndi 3 ndi masiku 16, ndipo njinga ndinkaipeza masiku anayi pa sabata. Masabata anayi.

Fomu ndinaipanga kuti izidzazidwa pa foni ndi pulogalamu ya KoboCollect, imene imagwira ngakhale kulibe netiweki n'kutumiza ukafika kumene ilipo. Ndinalembanso kandime ka chilolezo: aliyense adzauzidwa m'Chichewa cholinga cha mafunsowo, ali ndi ufulu wokana, mayina sadzalembedwa mu lipoti, ndipo ndidzanena poyera kuti sindinabwere kudzakonza mjigo kapena kudzalemba mayina a thandizo. Chomalizachi musachiiwale, chifukwa munthu wa ku boma akafika ndi foni m'manja anthu amayembekezera kanthu. Funsaninso msanga ngati ntchito yanu ikufunika chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku. Ku Malawi kafukufuku wa zaumoyo amadutsa ku komiti ya dziko lonse yotchedwa NHSRC kapena ku makomiti a m'mayunivesite, ndipo wa zachikhalidwe cha anthu amadutsa ku komiti ina yotchedwa NCRSH. Wanga unali wa m'kati mwa ofesi, wongothandiza pa mapulani awo, koma mayi aja anandichenjeza kuti ndikafuna kudzausindikiza nkhani yake ndi ina, ndipo chilolezocho chimapemphedwa usanapite kumudzi, osati utabwerako.

Ndondomeko ya nthawi ndinailemba chobwerera m'mbuyo, kuyambira tsiku lopereka lipoti. Sabata la 12 kufotokoza zotsatira ku ofesi, la 11 kulemba, la 9 ndi la 10 kukonza ndi kuwerengera nambala mu Excel. Masabata 4 mpaka 7 kumudzi. Awiri oyamba kukonza fomu ndi kutumiza makalata kwa mfumu yaikulu ndi komiti ya chitukuko ya dera, lachitatu kuyesa fomuyo pa mijigo itatu ya dera loyandikana. Sabata la 8 ndinalisiya lopanda kanthu, ndipo ndinalemba momwemo kuti ndi la zogwa mwadzidzidzi. Ndinkaopa kuti mayi aja aziona ngati ulesi. Iwo anati ndi mzere wokhawo wosonyeza kuti ndinakhalako kumudzi: kukagwa maliro palibe komiti imene ungaipeze, ndipo mafuta a njinga sabwera tsiku limene walemba.

Kalendala inandikakamiza kuwonjezera chiganizo china pa malire a kafukufukuyu. Ulendo wa kumudzi unkagwa mu Seputembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala, nthawi yabwino pa misewu poti mvula imakhala isanayambe, koma ndi nthawinso imene madzi a pansi amakhala atatsika. Mjigo wotulutsa malita ochepa mwezi umenewo ukhoza kukhala wabwinobwino, chitsime chake ndicho chaphwa. Ndinaika funso limodzi lofunsa ngati madzi amachepa chaka chilichonse nyengo yomweyo, ndipo ndinavomereza kuti funsolo silingasiyanitse zonse. Ndinalembanso kuti makomiti okhala ndi ndalama akapezeka kuti amakonza msanga, sizidzatsimikiza kuti ndalamazo ndizo zachititsa, poti mwina ndi omwewonso ali pafupi ndi sitolo ya zipangizo. N'chifukwa chake mtunda wokafika kusitoloko unalowa pa fomu.

Bajeti inali mizere itatu pansi pa tsamba lachinayi: mafuta a masiku 16 ndi a masiku oyesera fomu, mayunitsi a foni, ndi ndowa imodzi yokhala ndi mizere ya malita. Mayi aja anawerenga masamba onse anayi ataimirira. Anasintha mawu amodzi pa cholinga chachitatu, anasaina, n'kundiuza kuti ndowayo ndisagule chifukwa ili kale kusitolo ya ofesi, kuseri kwa mapaipi.