Mamilimita anayi amene anandidyera sabata yathunthu

Dzulo madzulo ndamaliza tsamba loyamba la kabuku ka mwana wa achemwali anga, ndipo tsopano amene ali papepalapo ndi iyeyo ndithu. Ali ndi zaka 4. Chithunzi chimene ndinasankha ndinamujambula pafoni ali pakhonde, akuseka, bango lili m'manja. M'kabukumo ndikufuna akhale pansi pa mtengo wamango akucheza ndi kalulu.

Mapepala asanu anapita pachabe ndisanafike apa. Atatu oyamba ankatuluka mtsikana wokongola, koma wa zaka ngati 10. Ndinaganiza kuti vuto ndi maso, ndiye pa lachinayi ndinawakulitsa monga timachitira m'mabuku a ana. Apo ndiye zinaipiratu. Anasanduka mwana wina aliyense wa m'buku. Nditawaonetsa amayi, anayang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Kodi ameneyu ndi wa kwa yani?" Mtima unandiwawa, chifukwa tsamba limenelo ndinali nditakhalira masiku awiri.

Pepala lachisanu litalepherekanso, ndinasiya burashi n'kutenga rula. Ndinasindikiza chithunzicho kuti mutu ukhale mamilimita 60 kuchokera pamwamba mpaka kuchibwano, mofanana ndi wa pazojambula zanga. Pachithunzi mzere wa maso unali pa mamilimita 34 kuchokera pamwamba. Pamapepala anga unali pa 30, pakati penipeni pa mutu, pomwe pamakhala maso a munthu wamkulu. Mwana wamng'ono chipumi chake chimakhala chachikulu, nsagwada isanakule, ndiye maso, mphuno ndi pakamwa zimaunjikana m'munsi. Zimenezi tonse timazidziwa. Chimene sindinkaona n'chakuti ndinkazitaya pokopera. Ndimakopera pagalasi la zenera masana, ndipo pepala la 300 gsm n'lokhuthala, mizere imaoneka mwachimbuuzi. Pomwe sindinkaona bwino, dzanja linkangoika maso pamalo amene linazolowera, tsitsi lolukalo n'kutsika kudya chipumi.

Ndinasintha njira. Ndinayamba ndakopera papepala lopyapyala, koma madontho okha: ngodya zinayi za maso, pansi pa mphuno, ngodya ziwiri za pakamwa, chibwano, ndi pomwe tsitsi limayambira. Kenako ndinadetsa kumbuyo kwake ndi pensulo ya 4B n'kudinda madonthowo papepala lenileni. Madontho amenewa sasuntha. Zina zonse ndi zanga: masaya ndinawazunguliza, khosi ndinalichepetsa, thupi ndinalifupikitsa kuti likhale mitu inayi m'malo mwa isanu ndi kanthu, ndipo kufanana sikunachoke. Maso ndinawasiya mmene alili, kungokulitsa pang'ono kakuda ka m'kati.

Chinanso chimene chinkamukalambitsa ndi mizere ija yochokera pamphuno kutsikira kungodya za pakamwa munthu akamaseka. Pachithunzi imaoneka, ndiye ndinkailemba ndi nsonga ya burashi. Mukangoilemba ngati mzere, mwana mwamuwonjezera zaka. Ulendo uno ndinaika kamthunzi tsaya lidakali lonyowa, n'kufufuta m'mphepete mwake ndi burashi yamadzi okha. Mano sindinawalekanitse, ndinangosiya pepala loyera, kupatula kampata kakutsogolo kamene aliyense kwathu amamudziwira nako.

Khungu ndinapaka utoto wamadzi kanayi, kudikira kuti kulikonse kuume kaye. Pansi chikasu cha dothi, PY43, chamadzi ambiri. Pamwamba pake wofiirira uja wa PBr7 kawiri, kusiya chipumi ndi nsonga ya mphuno zowala. Buluu wa PB29 ndinamuika komaliza, pansi pa chibwano ndi kuseri kwa khutu basi. Chaka chatha, pojambula mwana wa achimwene, ndinasakaniza wofiirirayo ndi buluuyo m'mbale imodzi, nkhope yonse inatuwa ngati phulusa. Nyengo ya mvula ino pepala likuchedwa kuuma, ndiye musathamange, mukapaka pachinyezi utoto wapansi umadzuka n'kuchita matope.

Mapepalawa anandibweretsera msuweni wanga kuchokera ku Joni, ndipo ndimawakonda chifukwa ndi a thonje, amalola kufufuta kangapo osanyotsoka. Amene ndimapeza m'sitolo ina ku Limbe ndi abwino poyeserera, ndipo n'kumenenso ndimagula mapensulo ndi tepu yomatira pepala pathabwa. A ku Joni aja atsala asanu ndi awiri okha.

Ndisanawaitane amayi ndinaliyang'ana tsambalo pakalirole, ndinalizondotsa, kenako ndinalijambula pafoni n'kulichepetsa mpaka nkhope inakhala ngati chikhadabo. Mwanayo anaonekabe. Amayi atalowa sanafunse kanthu. Anangoloza n'kunena kuti, "Chipumi ichi n'cha malemu agogo ake."

Masamba atsala 11, ndipo chithunzi choyang'ana kutsogolo ndili nacho chimodzi chokhachi. Ndikufuna ena akhale cham'mbali, lina akuthamanga, lina akugona. Mwina ndiumba kamutu kadongo kuti ndizikatembenuza pojambula. Ndikufuna kabuku konse kasokedwe tsiku lake lobadwa lisanafike, ndipo achimwene ayamba kale kufunsa za ana awo atatu.