Holo ya ku Ngabu yandidyera masiku anayi, kumachita kuti wolakwa ndi foni

Usiku wathawu ndamvetsera phunziro lija kuyambira poyamba mpaka pothera osavula mahedifoni. Sindikuti lakoma ayi. Aphunzitsi akumvekabe ngati akulankhulira m'bafa, kungoti poyamba ankamveka ngati agwera m'chitsime, ndipo tsopano mwana wa Fomu 4 atha kulemba manotsi osabwereza chiganizo katatu.

Kwa amene simunamve chiyambi chake: ndi phunziro la zaulimi, mphindi 48, lonena za tizilombo towononga thonje. Linajambulidwa pa foni mu holo ya sukulu ina kufupi ndi Ngabu, kuti ana amene anajomba alimvere kunyumba. Holoyo ndi ya mamita 15 m'litali, 8 m'lifupi, 4 kupita m'mwamba. Pansi simenti, makoma pulasitala, pamwamba malata opanda siling'i. Mawindo anatseka chifukwa cha chigayo cha kuseri, ndipo inu a kuno mukudziwa tanthauzo lotseka mawindo mu Okutobala. Foni anaiika pa desiki mamita 4 kuchokera pamene aphunzitsi anaima.

Tsiku loyamba ndinachita zimene ndimaletsa anzanga. Ndinatsegula Audacity, pulogalamu yokonzera mawu pa kompyuta, n'kusankha kachidutswa ka mchira wa rivebu pamene aphunzitsi anapumira, n'kukapereka ku Noise Reduction ngati chitsanzo cha phokoso. Mawu anatuluka ngati munthu akulankhula ali pansi pa madzi a mu Shire. Chida chimenechi chimachotsa phokoso losasintha, monga fani kapena kulira kwa waya. Rivebu si phokoso lachilendo, ndi mawu a aphunzitsi omwewo atagunda khoma n'kubwera mochedwa, ndiye ukamauza kompyuta kuti ichotse zofanana ndi mchira umakhala ukuiuza kuti idye mawuwo. Ndinkadziwa, koma ndinayesabe poganiza kuti mwina lero lokha.

Kenako geti. Apa ndi pamene panandigoneka masiku atatu. Geti imangogwira ntchito pamene munthu wasiya kulankhula: mawu akatsika kupitirira malire amene waika, imawatsitsa kwambiri, mchira n'kufupika. Koma pa fayilo iyi malire amakana kukhala paliponse. Ndikawaika pansi, mchira umadutsa osakhudzidwa. Ndikawakweza kuti aupeze, amayamba kudya mawu. Ndipo Chichewa chathu chimavulala msanga ndi geti. Kumapeto kwa chiganizo timakoka silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto, yomaliza n'kuitaya mofewa, ndiye "mankhwala" inkatuluka "mankhwa", "thonje" inkathera pa "tho". Kumayambiriro nako, m ndi n wofewa uja ankatsala kunja geti isanatseguke: "mbozi" n'kukhala "bozi", "nthaka" n'kukhala "thaka". Ndinasintha attack, liwiro lotsegukira geti, ndinasintha release, liwiro lotsekera, ndinaphika tiyi kawiri usiku umodzi kunja kukutentha chonchi. Palibe.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita kukaiona ndekha holoyo, ndi karikoda kanga kaja kosintha volyumu pamanja. Ana anali ndi makalasi a kumapeto kwa sabata, ndiye ndinawapempha akhale chete m'malo awo, mawindo otseka monga tsiku lija, ine n'kumenyanitsa matabwa awiri pamene amaima aphunzitsi. Pa laputopu mchira unatsika mowongoka bwinobwino, 20 dB m'masekondi 0.7. Kuchulukitsa katatu ndiye RT60, nthawi imene mchira umatenga kuti utsike 60 dB, ya masekondi 2.1. Kalasi yabwino imafunika cha m'ma 0.6. Ndinawerengeranso mtunda umene mawu ochokera pakamwa amalingana mphamvu ndi obwerera m'chipinda, V kukhala kukula kwa holo, 15 × 8 × 4:

```
dc = 0.057 * sqrt(V / RT60)
dc = 0.057 * sqrt(480 / 2.1) = 0.86
```

Sikukwana ndi mita imodzi yomwe. Mtunda ukawirikiza kawiri mawu a pakamwa amatsika 6 dB, pamene obwerera amakhala chimodzimodzi paliponse m'chipindamo. Pa mamita 4 pamene panali foni, chipinda chinkaposa aphunzitsi ndi 13 dB. Kunena kwina, imene ndinapatsidwa ndi holo, aphunzitsi anangolowamo ngati mlendo.

Koma chimene chinanditsegula maso si masamuwa. Nditabwerera kunyumba ndinaika mafayilo awiriwa limodzi, n'kusintha kuti mafunde azioneka mu dB. Mchira wa karikoda kanga ukutsetsereka mpaka pansi. Wa foni ukutsika pang'ono, kenako n'kuima, mwinanso kukwera. Chipinda sichingachite zimenezo, mawu akasiyidwa okha amangofa. Ndinamvetsera pamalo amodzi kasanu, ndipo ndinamva chigayo. Aphunzitsi akamalankhula chigayo chili kutali, akangopuma chigayo chikubwera mpaka pakhomo, akayambanso chikuthawa. Chigayo sichiyenda. Ndi foni imene imadzikwezera yokha volyumu ikamva kuti kwakhala chete, ndipo pokweza imanyamulira limodzi mchira wa rivebu. Ndiye mchira umafika msinkhu umodzi ndi masilabulo ofewa aja, geti n'kusowa posiyanitsa. Masiku onse aja ndinkalimbana ndi makoma pamene wondisokoneza anali m'thumba mwa mwana wasukulu.

Mukalandira fayilo ya pa foni, yambani mwamvetsera phokoso losasintha la kumbuyo. Likamapuma ngati munthu, dziwani kuti volyumu inkasewera.

Chigayo chomwecho ndi chimene chinakhala muyeso wanga. Ndi Envelope Tool ndinayamba kutsitsa pamanja malo onse amene aphunzitsi anapuma, mpaka chigayo chimveke mofanana asanapume, akupuma, ndi atayambanso. Ntchito yotopetsa ngati kutola thonje. Mwayi wake aphunzitsiwa ndi olankhula mwaulemu, amapuma m'malo odziwika, koma ngakhale choncho mphindi khumi zoyamba zinanditengera madzulo athunthu, magetsi n'kuthimanso ndisanasunge. Nditamaliza, mchira unayamba kutsika monga uyenera, ndipo geti yofatsa inagwira. Ndinaiika ndi pulogalamu ya ffmpeg motere:

```
ffmpeg -i phunziro.wav -af "highpass=f=100,equalizer=f=300:t=q:w=1.2:g=-4,equalizer=f=3000:t=q:w=1:g=3,agate=threshold=0.03:ratio=2:range=0.25:attack=5:release=150" lokonza.wav
```

Chofunika kwambiri pamenepa ndi `range=0.25`. Zikutanthauza kuti geti isatsitse kupitirira 12 dB, kotero ikalakwitsa n'kugwira "la" wa mankhwala, amangofooka koma osasowa. Nditayesa kutseka kotheratu, pakati pa mawu pamakhala zii ngati foni yaduka, kenako holo yonse n'kugwera m'khutu nthawi imodzi, zotopetsa kuposa rivebu yeniyeniyo. `threshold`, malire a geti aja, musakopere yanga, imadalira msinkhu wa fayilo yanu. Ine ndinaipeza pomvetsera mawu oti "thonje" mpaka "nje" atabwerera. Kudula pa 300 Hz kwachotsa kugunda kwa m'mgolo kuja, chifukwa zovala za ana ndi mpweya zimameza mawu okwera msanga, otsika n'kutsala akuzungulira. Kukweza pa 3000 Hz kwabweza pang'ono kamphepo ka ph, th ndi kh kamene kanakwiririka. Ndinayesa kukweza 6 dB, mpando uliwonse wokokedwa pa simenti unandibaya m'khutu, ndiye ndinabwerera pa 3.

Kompuresa sindinaiike n'komwe. Imachita zomwe foni inachita zija.

Chimene sichinachoke ndi rivebu ya mkati mwa chiganizo. Aphunzitsi akathamanga, mchira wa silabulo iliyonse umagwera pa zotsatira zingapo, ndipo popeza masilabulo athu amathera pa a, e, i, o, u, mchira wake umakhala wonenepa. Geti siingalowe pamenepo. Pali malo atatu pamene akutchula mayina a mankhwala amene mpaka pano sindikumva, ndipo ndawapempha angowalankhulanso pa foni ali m'chipinda chogona, pafupi ndi matiresi, ndidzalumikize. Anaseka, ati, "Achimwene, ndiye mukufuna ndiphunzitse mapilo?" Koma avomera.

Loweruka lomwelo, ndisanachoke, tinajambula mphindi zisanu zoyesera ndi kamaikolofoni kopanira pa kolala, masentimita 20 kuchokera pakamwa. Kuchoka pa mamita 4 kufika pamenepo ndi kusiyana kwa 26 dB, ndiye m'malo moti chipinda chiwapose ndi 13, aphunzitsi ndi amene akuchiposa ndi 13. Holo yomweyo, malata omwewo, chigayo chomwecho. Sindinaikepo fyuluta iliyonse ndipo zikuposa masiku anga anayi kutalitali. Zinandiwawa pang'ono kuvomereza.

Kamaikolofoniko ndinagula ku Limbe kwa mkulu wina wa kashopu kakang'ono amene amalola kuyesa katundu usanalipire, chifukwa chake sindigulanso kwina. Iye ndi amene anandiphunzitsa kuwerenga mizere ya pa pulagi, chaka chija ndinkajambula kwaya ku Bangula n'kubwerako ndi fayilo yopanda kanthu: ya mizere itatu yakuda ndi ya foni, ya mizere iwiri ndi ya rikoda ndi kamera, ndipo ukasokoneza foni imangobwerera ku maikolofoni yake osakuuza. Kwaya ija, mwa njira, rivebu inaikometsa. Nyimbo imakonda chipinda chotere, phunziro ndiye ayi.

Tinapachikanso mabulangete anayi ku khoma lakumbuyo. Kumeneko n'kumene kumachokera kambama kaja kamene kamamveka pambuyo pa k ndi t aliyense: mawu opita kukhomako n'kubwerera pa desiki amayenda mamita 20 owonjezera, ndipo kutentha kwa kuno amathamanga pafupifupi mamita 350 pa sekondi, ndiye amafika mochedwa ndi mamilisekondi 57, zokwanira kuti khutu liwamve paokha. Atamatira kukhoma mabulangete sanathandize kwenikweni. Titawakoka pa chingwe kuti atalikire khoma ngati masentimita 15, kambama kanafooka ndithu. Wina anati tikatole mathireyi a mazira ku Nchalo timate khoma lonse. Musavutike, ndi opyapyala kwambiri, sameza mawu otsika amene akutivutawa.

Kuti holo yonse itsike kufika masekondi 0.8, masamu a Sabine owerengera kutalika kwa rivebu akuti pakufunika malo omeza mawu okwana masikweya mita 60 owonjezera pa 37 amene alipo. Ndi matiresi oposa 30. Ku hositelo alipo, ndipo pa holide amangounjikidwa. Ndayamba kale kujambula papepala mmene tingawaimikire m'mbali mwa makoma, ena kuwamangirira ku mitengo ya denga, ngakhale a hedi sindinawauzebe. Ndikuganizanso za mafelemu a nsungwi odzaza ndi zotsalira za thonje, okutidwa ndi zitenje, koma za chiswe ndi makoswe ndiziona zikafika. Kaye ndipeze pulogalamu yojambulira pa foni yolola kuzimitsa volyumu yodzikweza yokha ija, chifukwa phunziro la nthaka lili Lachinayi ndipo karikoda kanga kabwerekedwa ku ukwati ku Nsanje.