Sabata yoika NAS ku Katoto

Ofesi ina ya anthu oyeza malo ku Katoto inandiitana kuti ndiwaikire NAS, kabokosi kosungira mafayilo pa netiweki. Mamapu awo anali omwazikana m'malaputopu ndi m'mafulashi, moti munthu mmodzi akapita kumudzi, ntchito yonse imaima. Anagula Synology DS224+ ndi madisiki awiri a matelabaiti 4 iliyonse.

Lolemba linali lopepuka. M'katoni munali makinawo, adaputa ya magetsi ndi makebulo a netiweki. Madisiki amagulidwa padera, ndipo akuluakuluwa amalowa m'mathireyi awo popanda sikuluu. Nditalumikiza kebulo ku switchi ya netiweki n'kuyatsa, ndinadikira kuti kabokosiko kalire, kenako ndinalemba `find.synology.com` pa laputopu yomwe inali pa netiweki yomweyo. Pulogalamu yoyendetsa makinawa, DSM, imachokera pa intaneti, choncho ndinabwera nayo kale pa fulashi kuti tisadye bandulo ya eni ofesi. Poiika imachenjeza kuti zonse za m'madisiki zifufutika. Ngati disiki inagwirapo ntchito kwina, imani kaye pamenepo mufunse.

Lachiwiri ndi pamene tinakambirana kwambiri. Mu Storage Manager ndinasankha SHR, yomwe pa madisiki awiri imalemba chilichonse kawiri, uku ndi uku. Bwana wa ofesiyo ataona malo opezeka akuti pafupifupi 3.6 anadabwa.

"Achimwene, ine ndinagula matelabaiti 8. Enawo apita kuti?"

"Bwana, disiki yachiwiriyo ndi mapasa a yoyamba. Imodzi ikafa, ntchito ikupitirira, inu mukungogula ina n'kulowetsa."

Ndinawauzanso zimene ndimauza aliyense, chifukwa ambiri amapusitsika pomwepa. Fayilo ikafufutidwa, imafufutika m'madisiki onse awiri nthawi imodzi. Mphezi kapena mbala zimatenganso zonse pamodzi. Tinagwirizana kuti agule disiki ina yakunja yoti tizikoperamo, izigona kunyumba kwawo. Pa kasanjidwe ka mafayilo m'madisiki ndinasankha Btrfs, ndinalola kuti makina ayeze madisiki, n'kuwasiya akuyaka usiku wonse. Kuyezako kumatenga maola ambiri, ndipo sindikuthamangira.

Lachitatu ndinachita ziwiri zimene ndimakana kudumpha ngakhale kasitomala atafulumira chotani. Choyamba ndi magetsi. Akazima disiki ili mkati molemba, mafayilo amatha kuwonongeka. Ndinalumikiza UPS, batire yogwirizira magetsi akazima, ku makinawo ndi kebulo ya USB, osati ya magetsi yokha, n'kuyatsa `Enable UPS support` pansi pa Hardware & Power. Popanda kebulo imeneyo kabokosi sikadziwa kuti kali pa batire, kamangoyenda mpaka batire ithe. Ndinazula pulagi pakhoma kuti ndione ngati DSM yazindikira, ndipo inalembadi uthenga.

Chachiwiri ndi adilesi. Rauta imabwereketsa maadilesi, ndipo ikazima n'kuyaka imatha kupatsa kabokosi nambala ina. M'mawa mwake aliyense amangoti seva yafa, chonsecho ili bwinobwino. Ndinalowa mu rauta n'kusungitsa `192.168.1.50` kuti izikhala ya NAS yokha. Izi zichitike musanalumikize kompyuta ya munthu aliyense.

Foda yoyamba inabwera Lachinayi. Mu Control Panel, pa Shared Folder, ndinapanga ya dzina loti `Mamapu`. Ndinayatsa Recycle Bin, ndinachonganso `Enable data checksum for advanced data integrity`. Chimenechi chimathandiza kuzindikira mafayilo owonongeka, ndipo chimasankhidwa popanga foda pokha. Mukachiphonya, muyenera kupanga foda ina n'kusamutsa zonse. Wantchito aliyense analandira akaunti ndi pasiwedi yake. Oyeza malo amawerenga ndi kulemba, mayi a kutsogolo amangowerenga. Pa Windows ndinalemba:

```
\\192.168.1.50\Mamapu
```

Inatseguka, ndipo ndinaipatsa chilembo `Z:` pa kompyuta iliyonse.

Lachisanu tinayamba kusamutsa mafayilo, ndipo kompyuta imodzi inkangokwawa pa mamegabaiti 11 pa sekondi, pamene zinazo zinkapitirira 100. Nambala imeneyi imalankhula yokha: mzere wagwera pa liwiro la 100 m'malo mwa 1000. Mbali ya NAS inkasonyeza `1000 Mbps`, ndiye vuto silinali kumeneko. Pa kompyutayo, Windows inkati `100 Mbps`. Liwiro la 1000 limafuna mawaya onse 8 a m'kebulo, pamene la 100 limakwanira ndi 4 okha, n'chifukwa chake kebulo yoduka waya mmodzi imatha kugwirabe ntchito, koma mochedwa. Ndinaitsatira mpaka pansi pa kabati, pomwe inali itapanikizika n'kuphwatalala. Nditaika ina, mamapu a zaka zitatu analowa tisanaweruke.

Disiki yakunja ija ifika sabata yamawa. Mpaka nthawi imeneyo ndawapempha kuti asafufute chilichonse m'malaputopu mwawo.