Meseji yachidule isanasanduke imelo ya kasitomala

Ntchito yanga ndi yolembera makasitomala maimelo, koma zambiri zimene ndimawauza zimachokera kwa anzanga a kosungira katundu, omwe amalemba pafoni ali chiimire, mothamanga, ndiponso m'chidule chimene amamvana okhaokha. Lolemba madzulo, titatsala pang'ono kuweruka, ndinalandira meseji iyi pamodzi ndi pempho loti ndidziwitse kasitomala:

```
ord 4471 dly, 2 itms o/s, rest dispatch tmrw, ETA thu. pls cfm addr asap
```

Amene sanagwirepo ntchitoyi angaganize kuti chofunika n'kungotambasula mawu ofupikitsidwawo, kuika moni pamwamba ndi dzina pansi. Kutambasulako n'kosavuta. Vuto lenileni ndi lakuti meseji yotere imalembedwera munthu amene nkhaniyo akuidziwa kale, motero imasiya zinthu zimene kasitomala sangazidziwe payekha, ndipo wolemba imelo akapanda kufunsa amayamba kudzaza mipatayo ndi zongoganiza.

N'chifukwa chake Lachiwiri m'mawa ndinayamba ndaimbira mnzanga amene anatumiza mesejiyo ndisanalembe chilichonse. Funso loyamba linali la `o/s`, chifukwa ena amalemba choncho pamene katundu watheratu, pomwe ena amatanthauza kuti katunduyo alipo koma sanatumizidwebe. Kwa kasitomala zimenezi ndi nkhani ziwiri zosiyana kwambiri: pa yoyambayo angafune kubwezeredwa ndalama, pa yachiwiriyo angodikira. Ndinauzidwa kuti zinthu ziwirizo zatha, ndipo ndinafunsanso mayina ake, popeza oda imeneyo inali ndi zinthu zisanu ndi chimodzi ndipo mesejiyo sinatchule kuti zosowazo ndi ziti.

Kenaka panali nkhani ya masiku. Mawu akuti `tmrw` analembedwa Lolemba, kotero ankanena za Lachiwiri, tsiku lomwelo limene ine ndinkalemba imeloyo. Ndikanangolemba kuti "mawa", ndikanasuntha tsiku lotumizira katundu popanda wondituma. Imelo imatha kuwerengedwa patapita masiku, choncho ndimatchula dzina la tsiku m'malo mwa "mawa" kapena "mkuja". Nacho chidule cha `ETA` chimanena za nthawi yongoyerekeza, ndipo kulemba kuti katundu "adzafika Lachinayi" kukanakhala kulonjeza zimene a kosungira katundu sanalonjeze. Pa `asap`, kutanthauza "mwachangu", ndinafunsa kuti changucho chikuthera nthawi yanji, ndipo ndinamva kuti galimoto inyamuka 2 koloko masana, kotero adiresi inayenera kutsimikizidwa isanakwane 12 koloko.

Pamzere wa mutu ndinalemba kuti "Oda 4471: kuchedwa kwa katundu ndi pempho lotsimikiza adiresi", kuti kasitomala aone asanatsegule kuti pali chofunika kuyankha. Pambuyo pa moni, uthengawo unali wotere:

"Tikupepesa kuti oda yanu ya nambala 4471 yachedwa. Mwa zinthu zisanu ndi chimodzi zimene munaitanitsa, ziwiri zatithera, zomwe ndi mabokosi a mapepala ndi inki ya makina osindikizira. Zinayi zotsalazo tizitumiza lero Lachiwiri masana, ndipo tikuyembekeza kuti zikupezani Lachinayi. Tikupempha kuti mutiyankhe isanakwane 12 koloko lero potsimikiza ngati adiresi ili m'munsiyi ndi yolondola. Mutiuzenso ngati mungakonde kudikira zinthu ziwirizo kapena kubwezeredwa ndalama zake."

Adiresi imene tinali nayo ndinaikopera m'munsi mwake, kuti kuyankha za adiresiyo kukhale kwa mawu amodzi okha. Za tsiku limene zinthu zosowazo zidzapezeke sindinalembepo kanthu, chifukwa panalibe amene ankalidziwa, ndipo ndimaona kuti kusatchula tsiku n'kwabwino kusiyana ndi kutchula limene lidzafunike kupepesedwanso. Kasitomalayo anayankha nthawi yabwino ndipo anasankha kudikira.

Masiku otsatira anadza ndi mameseji ena a mtundu womwewo, ambiri osavuta. Wa Lachinayi wokha ndi umene unafuna kusamala kwina, chifukwa pakati pa chidulecho panali mawu odandaula za kampani imene imatigulitsa katundu, kuti yatigwiritsanso mwala. Mawu otere ndi a pakati pa antchito, ndipo ndicho chifukwa sinditumiza meseji ya mnzanga monga ilili kapena kuimata pansi pa imelo. Kasitomala ndinangomuuza kuti katunduyo sanatifikebe ndipo tidzamulembera Lolemba kumudziwitsa pamene nkhaniyo yafika, kaya katunduyo wabwera kaya ayi.

Lachisanu ndinapempha anzanga a kosungira katundu kuti apitirize kulemba mwachidule monga anazolowera, koma m'meseji iliyonse azitchula dzina la chinthu chosowa, dzina la tsiku, ndi ola limene yankho la kasitomala likufunika. Pa `o/s` tinagwirizana kuti azilemba "zatha" kapena "sizinatumizidwe".