Mwezi unandikana pamaso pa alamu anga

Amene mukundiimbira foni n'kumandifunsa kuti "akatswiri, mwezi utuluka nthawi yanji lero?" ndakumvani. Popeza alamu anga aifalitsa kale nkhaniyi mopotoza, imvani kwa mwini wake.

Kuchokera pamene mwezi wakhala wathunthu kufika pamene udzakhalenso wathunthu pamapita masiku 29 ndi theka. Zimenezi n'zoona, sindinapeke ine. Pa 11 Juni 2025 mwezi unali wathunthu, ndipo alamu anga ankafuna tsiku la mu Seputembala loti abale tidzacheze panja usiku kukuwala. Ndinati asavutike, masamu alipo. M'mutu mwanga ndinati mwezi wa pakalendala uli ndi masiku 30, wakumwamba uli ndi 29 ndi theka, choncho deti lizibwerera m'mbuyo ndi theka la tsiku basi. Juni 11, Julayi 10 ndi theka, Ogasiti 10, Seputembala 9 ndi theka. Thekalo ndinangolitaya, n'kulengeza kuti pa 9.

"Nyali tikonze, alamu?"

"Nyali za chiyani? Dzuwa likamalowa uku, mwezi uzidzatuluka uku. Mudzatola singano pansi."

Pa 7 Seputembala madzulo mwana wa achemwali anga anagogoda. "Amalume, tulukani, mwezi wafiira!" Ine osadzuka n'komwe pampando. Ndinamuphunzitsa mwanayo kuti kadamsana wa mwezi amachitika pokhapokha mwezi uli wathunthu, pamene dziko lili pakati pa dzuwa ndi mwezi, ndipo mwezi wathunthu ukadali masiku awiri kutsogolo. Zimene waonazo ndi utsi. Mwanayo anabwerera mwaulemu kukaonera utsiwo pamodzi ndi anthu a mayiko ambirimbiri, ine ndili m'nyumba kuteteza sayansi. Phunzirolo linali lolondola, onani. Mwana wanzeru akanandiuza kuti ndiye kuti lero ndi tsiku lakelo, koma ana a masiku ano amangoti "chabwino amalume".

Tsono pa 9. Mipando ndinaiyang'anitsa kum'mawa ndekha. Dzuwa linalowa. Ndinaimirira, dzanja n'kuloza. Palibe. Ndinati pali kamtambo, koma nyenyezi zinali mbuu kumwamba konse. Dzanja lija linayamba kulemera, koma kulitsitsa kukanakhala kuvomera, ndiye ndinalisiya lili chilozere, kenako ndinalichirikiza ndi linzake. Mdima unagwira woti munthu ukafuna kudziwa amene wakhala naye pafupi, uyambe wamufunsa dzina. Azakhali anapereka moni kwa mtengo. Wina anakhalira mwana. Kunali zii, kungomveka kupuma kwa anthu amene akudziletsa kuseka, mpaka mawu a alamu anga anatuluka mumdimamo: "Alamu, singano ija mwaipeza?"

Mwezi ukapitirira tsiku lake lathunthu umachedwa kutuluka, mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Masiku awiri ndiye kuti ola ndi theka n'kupitirira. Unatulukadi, anthu atayatsa kale matochi a pafoni, uli wophwanyika mbali imodzi ngati mbale yogwa, wopanda ndi manyazi omwe.

Koma tisanamizire 29 ndi theka. Werengani bwino: katatu ndi masiku 88 ndi theka. Kuchoka pa 11 Juni, masiku 19 akufikitsani pa 30 Juni, 31 a Julayi akwana 50, 31 a Ogasiti akwana 81, otsala 7 ndi theka. Poti pa 11 Juni mwezi unakwanira m'mawa, thekalo likukufikitsani madzulo a pa 7 Seputembala, pa kadamsana penipeni. Amene anandigwetsa ndi Julayi ndi Ogasiti, miyezi iwiri yotsatizana ya masiku 31, iliyonse n'kundibera tsiku limodzi. Kalendalayo sindinaipange ine.

Ndiponso ngakhale mutawerenga masiku molondola, njirayi si wotchi. Nambala yeniyeni ndi masiku 29, maola 12 ndi mphindi 44, choncho mwezi uliwonse mumataya mphindi 44, pachaka maola pafupifupi 9. Komanso imeneyo ndi avareji chabe. Njira ya mwezi si yozungulira ndendende, ukayandikira dziko umathamanga, ukatalikira umayenda pang'onopang'ono, moti ulendo wina umatha masiku 29 ndi maola 7, wina maola 19. Kuchoka pa 13 Januwale kufika pa 11 Juni chaka chomwecho, wowonkhetsa 29 ndi theka akanafulumira pafupifupi tsiku lathunthu. N'chifukwa chake ndi bwino kuyambira pa mwezi wathunthu wapafupi, wotengedwa pakalendala, osati pamaso, poti maso amauona wathunthu mausiku atatu.

Zonsezi ndinawafotokozera alamu anga m'mawa mwake, ndi pepala lomwe. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kundifunsa ngati Okutobala ali ndi masiku 30 kapena ndikufuna andiwerengere pa nkhonya.