Seva inali kuseri kwa rauta yachiwiri

Sabata yachitatu ya maphunziro anga a pantchito, pa kaofesi kena ka alimi a tiyi ku Thyolo kuno, ndinataya tsiku ndi theka ndikufunafuna kompyuta imene ndinkaiona ndi maso, ili mbuu m'chipinda chakumbuyo, nyali zake zikuphethira bwinobwino.

Ofesiyi ili ndi nyumba ziwiri. Kutsogolo kuli rauta imene imabweretsa intaneti, adiresi yake `192.168.1.1`, ndipo makompyuta a akalaliki onse amalandira maadiresi oyamba ndi `192.168.1`. Kunyumba yakumbuyo, komwe amayezera masikelo, netiweki sinkafika, ndiye wina anagula rauta ina, nakoka kebulo kuchokera kutsogolo n'kuilowetsa pa bowo lolembedwa `WAN`. Seva yosunga makilogalamu a masamba a mlimi aliyense anailumikiza pa rauta yachiwiriyi, adiresi yake `192.168.2.10`. Amene ali kumbuyoko ankaitsegula popanda vuto. Akalaliki akutsogolo ankangoona tsamba likuzungulira mpaka kutopa.

Ine ndinayamba ndi kukayikira kebulo, poti inadutsa panja ndipo mvula ya kuno simasewera. Ndinasinthanso mitu yake yonse iwiri, ntchito yachabechabe. Amene amandiyang'anira atabwera anangofunsa kuti, "Achimwene, sevayo intaneti ikuipeza?" Ndinati eya. "Nanga ikuipeza podzera kebulo iti?" Ndinasowa chonena.

Chimene chinandizunguza kwambiri n'chakuti ndikakhala pa seva n'kulemba `ping 192.168.1.23`, lamulo lofunsa ngati laputopu yanga yakutsogolo ikumva, yankho linkabwera msangamsanga. Ndikakhala pa laputopu n'kulemba `ping 192.168.2.10`, zii, kungoti `Request timed out`. M'mutu mwanga njira ndi njira: ngati munthu watsika nayo kupita kudambo, akhozanso kukwera nayo.

Ndinayamba kumvetsa nditatsatira paketi imodzi, kachidutswa ka uthenga koyenda pa netiweki, phazi ndi phazi. Laputopu ili ndi `Subnet Mask` ya `255.255.255.0`, kutanthauza kuti manambala atatu oyambirira ndiwo dzina la mudzi, ndipo yachinayi ndi nyumba. Ikafuna kutumiza ku `192.168.2.10` imafananitsa: kwathu ndi `192.168.1`, uku ndi `192.168.2`, si mudzi umodzi. Apo siyesa n'komwe kuitana sevayo mwachindunji. Imapereka paketiyo kwa `Default Gateway`, amene ndi rauta yakutsogolo. Tsono rauta yakutsogoloyo imadziwa zinthu ziwiri zokha: mudzi wake wa `192.168.1`, ndi lamulo lakuti china chilichonse chipite ku intaneti. Palibe anaiuzapo kuti kuseri kwa chipangizo chimene inachipatsa adiresi `192.168.1.50` kuli mudzi wina wathunthu. Kwa iyo rauta yachiwiri ija inali ngati foni ya mlendo basi.

Umboni ndinaupeza ndi lamulo ili, limene limaonetsa marauta amene paketi ikudutsamo:

```
tracert -d 192.168.2.10
```

Mzere woyamba unaonetsa `192.168.1.1`, wachiwiri unaonetsa adiresi ya kampani yotipatsa intaneti, kenako nyenyezi zokhazokha. Paketi yopita kuchipinda chomwe chili mamita 40 kuchokera pamene ndinakhala inali itakwera minibasi ya ku Limbe. Ndipo kumeneko siingathandizidwe, chifukwa maadiresi oyamba ndi `192.168` anapatulidwa kale, mu chikalata cha RFC 1918 cha mu 1996, kuti akhale a m'nyumba ndi m'maofesi, sayendetsedwa pa intaneti.

Nanga bwanji seva inkaipeza laputopu? Chifukwa rauta yachiwiri imachita `NAT`. Paketi ikamatuluka kuchokera kumbuyo, imafufuta adiresi ya seva n'kulembapo yake, `192.168.1.50`. Laputopu imaona ngati yafunsidwa ndi mnansi wa m'mudzi momwemo, imayankha, rauta ija n'kubwezera yankho kwa mwini wake poti inalemba amene anayambitsa nkhani. Zoyambira mkati zimayenda. Zoyambira kunja zilibe pogwira.

Ndisanakhudze rauta ya ofesi, ndinayesa kaye pa laputopu yanga yokha, nditatsegula `cmd` ngati `Administrator`:

```
route add 192.168.2.0 mask 255.255.255.0 192.168.1.50
```

Ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti zatheka. `ping` anakanabe. Apa ndinatsala pang'ono kuchotsa njirayo poganiza kuti ndalakwitsa, koma abwana aja anandiuza kuti ndikaime pa seva ndione ngati chilipo chikufika. Sevayo ndi ya Linux, ndiye ndinalemba `sudo tcpdump -ni eth0 icmp` mnzanga akutumiza `ping` kutsogolo. Sipanatuluke mzere ngakhale umodzi. Ndiye kuti paketi inkafika pakhomo la rauta yachiwiri n'kubwezedwa pomwepo. Ndipo m'pomveka: rauta ya m'nyumba imaona chilichonse cholowera pa `WAN` ngati chochokera kwa anthu osawadziwa, ndiye chitetezo chake chimachitaya mwakachetechete. Mavuto anali awiri osanjikizana, njira yosowa ndi khomo lotseka, ndipo onse awiri amapereka `Request timed out` yemweyo. N'chifukwa chake kukonza limodzi lokha kumaoneka ngati sunachite kanthu.

Pa rauta yachiwiri tinazimitsa `NAT` n'kulola zochokera ku `192.168.1.0/24`, kutanthauza mudzi wonse wakutsogolo, kuti zidutse. Mizere inayamba kutsika pa `tcpdump`, funso ndi yankho lake. Kenako ndinachotsa njira ya pa laputopu ija ndi `route delete 192.168.2.0`, n'kukailemba pa rauta yakutsogolo, pa tsamba la `Static Routing`: kopita `192.168.2.0`, masiki `255.255.255.0`, kudzera kwa `192.168.1.50`. Njira imeneyi tsopano inasanduka yofunika pawiri. Poti `NAT` tinazimitsa, makompyuta akumbuyo amatuluka ndi maadiresi awo enieni, ndiye popanda mzere umenewu mayankho ochokera pa intaneti sakanadziwa kobwerera.

Kunena zoona, ikanakhala ofesi yanga sindikanavutika chonchi. Ndikanazula kebulo pa `WAN` n'kuiika pa bowo la `LAN`, kuzimitsa `DHCP` imene imagawa maadiresi pa rauta yachiwiri, kuipatsa `192.168.1.2`, seva n'kuisamutsira ku `192.168.1`, onse akhale mudzi umodzi. Ndinanena zimenezi. Yankho linali lakuti alimi ndi alendo amalumikiza mafoni awo pa rauta yakutsogolo tsiku lamalipiro, ndipo ndi bwino pakhale khomo pakati pawo ndi seva. Ndinavomereza, koma pamenepo lamulo langa lolola `192.168.1.0/24` yense linali lotakasuka kwambiri, moti tinalichepetsa kuti lilole makompyuta anayi a akalaliki okha, aliyense atapatsidwa adiresi yosasintha.

Mayi wina wa m'maakaunti anadandaulabe kuti seva sikuoneka akatsegula `Network` pa kompyuta yawo. Imeneyo si njira yosowa ayi. Makompyuta amadziwana mayina pofuula kwa onse a m'mudzi mwawo, ndipo rauta siwolotsa kufuula koteroko. Ndinangowaikira chizindikiro pa sikirini cholozera ku adiresi ya seva.

Lachisanu magetsi anazima kwa maola angapo. Atayaka, zonse zinabwerera pakale. `tracert` anafika pa `192.168.1.1` n'kuima, osapitanso ku Limbe, zomwe zinandiuza kuti njira ilipo koma ikuloza kumene kulibe munthu. Nditayang'ana mndandanda wa `DHCP`, rauta yachiwiri inali italandira `192.168.1.37`. Akalaliki ndinawakumbukira, koma rautayo ndinaiwala. Ndinalemba `192.168.1.50` pamanja pa `WAN` yake, n'kuuza rauta yakutsogolo kuti izigawa kuyambira pa `192.168.1.100` kupita m'mwamba, kuti foni ya mlimi isadzatenge nambalayo.